Geni ya ma hadi disiki: kuchotsa patishoni yokakamira osapha disiki yolakwika

"Achimwene, ndikufuna kuyamba geni ya ma hadi disiki akaunjika ngati inuyo. Mumawakonza bwanji musanagulitse? Ndagula imodzi koma muli kapatishoni kakukana kuchoka."

Aphwanga, kukatenga katundu ku Chipata n'kudutsa naye pa bodala ya Mwami sinkhani yovuta, ntchito yeniyeni imayamba mukafika pa Mchinji pano. Ma disiki ambiri timagulawa amakhala ochotsedwa m'ma laputopu akufa, ife timangowaika m'kakesi ka USB n'kugulitsa kwa anthu osunga nyimbo ndi mafilimu. Ndiye poti munali Windows, mumatsala timapatishoni tiwiri, ka EFI kamene nthawi zambiri kamakhala 100 MB ndi ka Recovery. Timeneti Windows imatiteteza dala, nchifukwa chake mu Disk Management simukupeza pofufutira. Sikuti disikiyo ndi yowonongeka ayi.

Mankhwala ake ndi diskpart, koma ndikuuzeni chilungamo, chida chimenechi sichifunsa kuti mwatsimikiza kapena ayi. Mukadina Enter basi zapita. Ndiye musanalembe chilichonse zulani fulashi, memole khadi ndi disiki ina iliyonse ya kunja, patsale kompyuta yanu ndi disiki mukukonzayo. Kenako tsegulani cmd posankha Run as administrator mulembe:

```
diskpart
list disk
```

Tinene kuti laputopu yanu ili ndi disiki ya 256GB ndipo mwagulayo ndi ya 500GB. Muona Disk 0 ili 238 GB, Disk 1 ili 465 GB. Musadabwe kuti manambala achepa, Windows imawerenga mosiyana ndi opanga, ya 1TB imaoneka 931 GB. Apa kusiyanitsa nkosavuta. Vuto limabwera zonse zikakhala za 500GB, zonse zikulemba 465 GB, ndipo apa ndi pomwe anthu amalira. Nambala ya disiki musaikhulupirire, imasintha, yomwe inali Disk 1 dzulo lero itha kukhala Disk 2 chifukwa mwalumikiza fulashi poyamba. Ndiye ifunseni kaye dzina:

```
select disk 1
detail disk
```

Pamwamba patuluka dzina la disikiyo kapena la kakesi kaja, pa Type palembe USB, pa Boot Disk palembe No. Mukaona Yes pamenepo imani, mwagwira disiki ya kompyuta yanu. Lembaninso list disk muone kanyenyezi kumanzere kwenikweni kwa mzere, ndi komwe kakusonyeza disiki yomwe mwasankha. Kanyenyezi kena ka kumanja pansi pa Gpt nkosiyana, kakungonena mtundu wa disiki, ambiri kamawasokoneza.

Tsopano ngati mukufuna kuchotsa kapatishoni kokhako:

```
list partition
select partition 1
delete partition override
```

Nambalayo itengeni pa mndandanda wanu, muone yolembedwa System kapena Recovery ndi kukula kwake, osangokopera yanga. Mukasiya override ikukanani kuti patishoniyo ndi yotetezedwa.

Koma ine katundu wogulitsa sindilimbana ndi patishoni imodziimodzi, ndimasesa yonse ndi clean. Dziwani kuti clean imangochotsa ndondomeko ya mapatishoni, imatha m'masekondi koma zithunzi ndi mapepala a mwini wakale amakhala akadali momo, munthu wodziwa atha kuzibweza. Clean all ndi yomwe imalemba maziro paliponse, pa 500GB ya USB itha kudya maola angapo ndipo sionetsa kuti yafika pati, ndiye osaiyamba laputopu ili pa batire yofooka magetsi athuwa mukuwadziwa. Ubwino wake wina ndi woti disiki yodwala imaulula yokha, ikaima pakati n'kulemba I/O error kapena ikayamba kulira kuti tche tche, yesani kakesi ndi chingwe china, ikabwerezanso imeneyo musampatse kasitomala, abwera nayo pakhomo panu.

Ikatha:

```
create partition primary
format fs=ntfs quick
assign
exit
```

Ikakana kuti write protected, mukadali mu diskpart lembani attributes disk clear readonly muyesenso.

China chomwe anyamata amadzinamiza nacho, amati Windows siingalole kudzifufuta yokha. Zoona, mukakhala mkati mwa Windows clean imakana pa disiki yomwe kompyuta yayakira. Koma disiki yachiwiri yosungira zinthu zanu siitetezedwa, ndipo mukayatsa kompyuta ndi fulashi yoikira Windows n'kutsegula cmd ndi Shift+F10, disiki ya mu laputopu imafufutika bwinobwino, pa Boot Disk ilembanso No. Kumeneko dalirani dzina ndi kukula basi.

Clean ikagwera pa disiki yolakwika, osapanga patishoni, osafomata, osakoperamo kanthu. Siyani momwemo muyese pulogalamu yobwezera mapatishoni yotchedwa TestDisk, nthawi zambiri imapezanso mapatishoni aja. Koma ngati inali clean all ndipo yafika kumapeto, palibe wobweza, ngakhale mupite nayo ku Lilongwe.