Kodi fayilo yomwe mwadawuniloda ndi yeniyeni? Nkhani ya SHA256

"Achimwene, ndili ndi kashopu kopulinta ndi kukonza makompyuta pa Nchalo pano. Ndimadawuniloda Linux Mint 22 kuti ndiyike mulaputopu yakale, netiweki inaduka kawiri ndikumapitiliza pomwe yalekera. Pano fayilo yatha koma ndikukayika. Mnzanga wa ku Ngabu akuti alinayo pafulashi. Ndidziwa bwanji yomwe ili bwino? Nanga ka sha256sum.txt kamene kali pambali paja ndi kachani?"

Kafayilo kameneko musakanyoze achimwene, yankho lanu lili mmenemo. Mukakatsegula ndi Notepad mupeza mizere ingapo, mzere uliwonse uli ndi chinambala chachitali cha zilembo 64 (manambala 0 mpaka 9 ndi zilembo a mpaka f) kenako dzina la fayilo. Chinambala chimenecho ndiye hashi. Eni ake a Mint anatenga ISO yawo, fayilo yaikulu yomwe mwadawuniloda ija, n'kuyilowetsa mu masamu otchedwa SHA-256, masamuwo amawerenga kachidutswa kalikonse ka fayilo kuyambira koyamba mpaka komaliza ndiye amatulutsa zilembo 64 zija, kaya fayilo ndi ya 3GB kaya ndi ya mawu amodzi. Inu mukapanga masamu omwewo pa fayilo yanu zikuyenera kutuluka zilembo zomwezo ndendende.

Ena amangoona saizi n'kuti basi zatheka. Saizi ili ngati sikelo ya pamsika wa thonje, imakuuzani kulemera kwa thumba koma siyikuuzani ngati wina wathiramo mchenga pakati. Fayilo itha kukhala ndi saizi yolondola koma mkati mwake mwasokonekera, makamaka zoduka-duka ngati zanuzi. Hashi siyinamizika choncho, kusintha kang'ono kokha kamatembenuza zonse. Onani mawu awiri awa, kusiyana kwake ndi chilembo choyamba chokha:

```
hello  2cf24dba5fb0a30e26e83b2ac5b9e29e1b161e5c1fa7425e73043362938b9824
Hello  185f8db32271fe25f561a6fc938b2e264306ec304eda518007d1764826381969
```

Palibe kufanana olo pang'ono. Ndiye kulibe zoti "yatsala pang'ono kufanana", ikufanana kapena siyikufanana basi.

Tsopano chitani izi. Ngati muli pa Windows lowani mufoda momwe muli ISO ija, gwirani Shift n'kudina kumanja kwa mbewa pamalo opanda kanthu, sankhani kutsegula PowerShell, ndiye lembani:

```
Get-FileHash .\linuxmint-22-cinnamon-64bit.iso
```

Siyifuna bandulo iyi, zonse zikuchitika mukompyuta mwanu momwemo. Pa laputopu yakale itha kukhala phee kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, musaganize kuti yafiriza, ikuwerenga fayilo yonse. Ikatulutsa hashi muona kuti ili m'zilembo zazikulu pomwe ya mu sha256sum.txt ili m'zing'onozing'ono, zimenezo zilibe kanthu.

Koma kufananiza zilembo 64 ndi maso, masana a Okutobala kuchigwa kuno thukuta lili kamukamu makasitomala akudikira mafotokope, munthu umangoona zinayi zoyamba ndi zinayi zomaliza n'kuvomera. Pa fayilo yongowonongeka zimenezo zimakwana ndithu chifukwa monga taonera hashi imasinthiratu yonse, koma wakuba wodziwa ntchito atha kusakasaka mpaka kupeza fayilo yomwe zilembo zochepa zakumapetozo zikufanana. Bwino kompyuta ifananize yokha. Koperani hashi ya pamzere wa fayilo yanu, muyimate m'malo mwa mawu akuti hashi_ija_apa mu lamulo ili:

```
(Get-FileHash .\linuxmint-22-cinnamon-64bit.iso).Hash -eq "hashi_ija_apa"
```

Ikalemba True ndiye kuti kuduka kwa netiweki kuja sikunawononge kanthu, pitilizani. Ikalemba False musathamangire kudilita, bandulo ya 3GB si masewera. Yambani mwaona ngati mwakopera mzere wolondola, chifukwa mukafayilo kaja muli ya cinnamon, ya mate ndi ya xfce, komanso 22 ndi 22.1 ndi zinthu ziwiri zosiyana. Onaninso kuti simunakopere ndi mpata kapena kanyenyezi ka kutsogolo kwa dzina. Amene amakonda certutil, lamulo lina lowerengera hashi mu Command Prompt, mukayiwala kulemba SHA256 kumapeto imakupatsani SHA-1 ya zilembo 40, ndiye singafanane olo fayilo ili bwinobwino. Dzina la fayilo lokha silikhudza hashi, olo mnzanu uja anayitcha mint.iso zituluka chimodzimodzi bola zamkati ndi zomwezo.

Ngati zonsezi zili bwino koma ikukanabe, fayilo yawonongeka. Apa ine ndimakonda njira ya torenti: tengani kafayilo ka .torrent ka Mint 22 yomweyo, mukatsegule mu pulogalamu ya matorenti ya qBittorrent, mulozere kufoda komwe kuli ISO yowonongekayo (dzina likhale loyambirira lija) ndi kudina Force recheck. Torenti imasunga hashi ya chidutswa chilichonse payokha, ndiye imangokokanso zidutswa zolakwikazo, osayambiranso 3GB yonse.

Ya mnzanu wa ku Ngabu muyiyese chimodzimodzi, koma apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Hashi yoyerekezera musayitenge pafulashi yomweyo. Ngati wina anasewera nayo ISO ija, kaya mnzanuyo kaya amene anamupatsa kaya vayirasi ya pafulashi, kupanga hashi yatsopano ya fayilo yachinyengo n'kuyilemba mu sha256sum.txt ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo inu mudzaona True n'kusangalala. Hashi imangonena kuti fayilo iyi ikugwirizana ndi nambala iyi, siyinena kuti nambalayo walemba ndani. Ndiye ISO ichokere kulikonse, koma zilembo 64 zija muzitenge nokha kwa eni ake pa linuxmint.com, n'kafayilo kochepetsetsa sikadya bandulo. Zikagwirizana, ya pafulashiyo ndi yabwino mofanana ndi yodawuniloda nokha, mumzere uno wa Nchalo mpaka Bangula munthu mmodzi yekha atha kukokera anzake onse.

Ndipo olo kwa eni ake komweko zinachitikapo. Mu Febuluwale 2016 akuba analowa pa tsamba la Linux Mint n'kulozera anthu ku ISO ya 17.3 Cinnamon yomwe anayikamo kakhomo kobisika kolowera m'makompyuta a anthu, n'kusinthanso hashi yomwe inali patsambapo kuti igwirizane ndi yawoyo. Poteteza zoterezi, pambali pa sha256sum.txt mumaonanso sha256sum.txt.gpg. Imeneyo ndi siginecha, yopangidwa ndi kiyi yachinsinsi yomwe ili ndi eni ake okha, ndipo wakuba olo atalanda tsamba sangayipange popanda kiyiyo. Mukakhala ndi GnuPG, pulogalamu yoyesera masiginecha, ndipo mwalowetsa kale kiyi yapoyera ya Mint yotsimikizira siginechayo, lamulo lake ndi ili:

```
gpg --verify sha256sum.txt.gpg sha256sum.txt
```

Mukufuna muone Good signature. Kwa munthu woyika laputopu imodzi ya pakhomo sindikakamiza, koma inu muziyika m'makompyuta a anthu kuchokera pa fulashi imodzi, ndiye dzivutitseni kamodzi kokha. Pa mainsitola a .exe ndi kophweka, dinani kumanja, Properties, Digital Signatures, muone ngati dzina la wosayina ndi la kampani yomwe mukuyembekezera komanso ngati Details ikuti siginecha ili bwino.

Za MD5 ndi SHA-1, mitundu yakale ya hashi yomwe mungakumane nayo kwina: kugwira fayilo yoduka zimathabe, koma pa zachinyengo zinafooka. Akatswiri anaonetsa mu 2004 kuti zinthu ziwiri zosiyana zitha kukhala ndi MD5 imodzi, ndipo mu 2017 a Google ndi a bungwe la kafukufuku la CWI la ku Amsterdam anatulutsa ma PDF awiri osiyana okhala ndi SHA-1 imodzi. Pakakhala posankha tengani SHA256.

Chinanso, mukakopera ISO kuchoka pafulashi ya mnzanuyo kupita mukompyuta yanu, yesani kope yomwe yafika mukompyutamo chifukwa ndi yomwe mugwiritse ntchito. Mafulashi otchipa a pamsikawa ena amanama saizi, amalandira fayilo yonse bwinobwino koma powerenga amabweza zinyalala, ndiye hashi ikamasintha pa fayilo imodzimodzi mukayikopera kawiri, vuto ndi fulashiyo kapena RAM ya kompyuta, osati netiweki.