Masamba 12 akafunika kukhala 4

“Ndine mlembi wa komiti ya sukulu kwathu. Ndalemba pempho la ndalama zomangira zimbudzi za atsikana, koma lakwana masamba 12 pomwe bungwelo likufuna 4 okha. Ndime iliyonse ndikuiona kuti ndi yofunika. Ndalitumiza, mundithandize poyambira.”

Mayi mlembi, ndaliwerenga lonse, ndipo ntchito munaigwira. Poyamba lisindikizeni papepala. Pafoni munthu amangoona ndime imodzi kapena ziwiri, ndiye sazindikira kuti zomwe akuwerenga patsamba 9 anaziwerenga kale patsamba 2. Tengani cholembera chofiira, mupatse ndime iliyonse nambala. Ine ndawerenga ndime 31. Kenako m'mphepete mwa ndime iliyonse lembani mawu atatu kapena anayi onena zomwe ili nazo, monga “chiwerengero cha atsikana” kapena “mtengo wa simenti”. Ulendo woyambawu musakonze kalembedwe ka mawu. Mungataye ola lathunthu mukusalaza ndime yomwe mawa muikhwatcha.

Mukatero ganizirani munthu amene adzawerenge. Ali ndi mulu wa mapempho patebulo ndipo akufuna kudziwa vuto lanu, zomwe mudzamange, ndalama zake ndi amene adzayang'anire ntchito. Ndime yomwe iyeyo sangagamule popanda kuiwerenga, ichongeni, ikhala. Yomwe angaifune pokhapokha akakayikira zomwe mwanena, ilembeni Z, ipita ku zomata kumapeto. Yomwe ikusangalatsa inu nokha, ikhwatcheni.

Ndime 1 mpaka 5 ndi mbiri ya sukulu, kuyambira pomwe ana ankaphunzirira pansi pa mtengo. Ndi yokoma, inenso yandikumbutsa kwathu, koma wogawa ndalama siimuthandiza kalikonse pa nkhani ya zimbudzi. Khwatchani zonse, mungosiya chiganizo chimodzi chotchula dzina la sukulu ndi boma lomwe ili. Pomwe ndime 17, yomwe munaibisa pakati, ndiyo mtima wa pempho lonse: mwatchulamo atsikana onse a pasukulupo, zimbudzi zomwe zatsala, ndi kuti china chinagwa ndi mvula. Ijambuleni muvi, ikwere pamwamba penipeni. Ndime 8, 14 ndi 26 zikunena chinthu chimodzimodzi, chakuti atsikana akuluakulu amajomba masiku ena pamwezi. Mudzazigwira msanga chifukwa mawu a m'mphepete aja adzafanana katatu. Siyani ya 14, poti ndiyo ili ndi zochokera m'kaundula wa kalasi.

Povuta ndi pa Z. Mndandanda wanu wa zipangizo, matumba a simenti, malata, misomali, waya, wadya masamba awiri ndi theka. Umenewo upite kumapeto pamodzi ndi makoteshoni a kusitolo, kalata ya amfumu ndi zokambirana za msonkhano wa makolo. Koma musangounyamula n'kusiya pululu. Pamalo pake pakhale ziganizo ziwiri: ndalama zonse zomwe mukupempha, gawo lomwe mudzi udzapereke monga njerwa, mchenga ndi madzi, ndi mawu akuti tsatanetsatane ali mu Zomata A. Chifukwa chake n'chakuti zomata siziwerengedwa nthawi zonse. Mwina wosindikiza kuofesi amangotulutsa masamba oyamba okha, mwina fayilo yachiwiri siitseguka n'komwe. Choncho pempho lanu lizimveka ngakhale zomatazo zitasowa zonse. Ndi chifukwa chomwechi ndime 29, yonena za amene adzasunge ndalama ndi anthu osainira kubanki, ndikuti ikhale mkati ngakhale ikuoneka youma.

Chenjerani kuti kumapetoko kusasanduke dzala. Ine ndinachitapo zimenezi pa lipoti lina: ndime zonse zomwe ndinkazimvera chisoni ndinazikankhira ku zomata, mpaka zomatazo zinaposa lipoti lenilenilo, ndipo amene ankawerenga anandibwezera. Muyeso wake ndi wosavuta. Ngati m'masamba 4 aja mulibe chiganizo cholozera ku chomata chinachake, ndiye kuti palibe akuchifuna. Funsaninso bungwelo ngati zomata zikuwerengedwa pa masamba 4 amenewo, chifukwa mabungwe amasiyana pa lamulo limeneli.

Mukamalowetsa zosinthazi pakompyuta, sungani kaye pempho lakalelo padera ndi `Save As`, kuti mtima ukhale pansi podula. Mukamaliza, lisiyeni ligone usiku umodzi, m'mawa muliwerenge mokweza. Mukufuna zipsera zomwe mpeni wasiya. Ndime 21 ikuyamba ndi “monga tanena pamwambapa”, koma zomwe ikulozazo zili m'ndime 8 yomwe mwakhwatcha. Dzina la komiti munalilemba lonse m'ndime 3 yokha, kwinako munangoika chidule chake, ndiye dzina lathunthulo lisamukire pomwe chidulecho chikuonekera koyamba.

Komanso tengani kakyuleta muphatikizenso mitengo ija. Ndalama zomwe zili m'ndime 19 sizikugwirizana ndi zomwe zili pansi pa mndandanda wa zipangizo, ndipo ndikuganiza kuti munaiwala kuwonjezerapo za mmisiri.