Pafoni sanalipo, koma tawalembera ndalama za maliro: ndiwauze bwanji?

"Achemwali, mayi athu aakulu tinawaika m'manda Loweruka ku Dedza. Lamlungu usiku tinakambirana pafoni za ngongole ya maliro, koma achimwene a ku Joni ndi mng'ono wanga wa ku UK sanalowe, anali kuntchito. Amalume awagawira ndalama zambiri kuposa tonse, ndipo ati ndiwadziwitse ine. Ndilembe bwanji kuti pasabuke mkangano?"

Pepani ndi zovutazo, achemwali anga.

Poyamba penipeni, ndalama imene amalume atchulira anthu awiriwo musailembe ngati chigamulo. Pafoni paja panatuluka zinthu za mitundu iwiri: zimene anthu analonjeza ndi pakamwa pawo, ndi zimene ena anaganizira anzawo amene panalibe. Zoyambazo zinamangidwa. Zachiwirizo likadali pempho, ngakhale wonena akhale mwini mbumba. Mauthenga ambiri amene ndawaona akuyatsa moto m'mabanja amasakaniza ziwirizi mumzere umodzi, kuti "tagwirizana kuti inu mupereka zakuti". Munthu wangoweruka kumene, wachezera usiku wonse ataima pageti kapena akusamalira nkhalamba, ndiye atsegule foni n'kupeza kuti "agwirizana" iye kulibe. Amaona ngati kumudzi amangomukumbukira pa ndalama, ndipo nthawi zina sakhala akulakwitsa.

Ine zinandionekera pa maliro a azakhali anga. Ndinalemba mizere itatu yokha pagulu la banja la pa WhatsApp, wotsiriza wake unali wa ndalama ya msuweni wathu wa ku Cape Town. Anawerenga, timizere tiwiri tija tinasanduka tobiriwira motuwa ngati thambo, koma anakhala duu masiku anayi. Atayankha anangotumiza chithunzi cha lisiti la Mukuru: tsiku lomwe azakhali anatsikira kuli chete, iye anali atatumiza kale K150,000 kwa amalume, ndipo ndi imene inalipira kumotchale. Pafoni palibe anaitchula. Amalume sanabise, anangoiwala m'chipwirikiti cha pasiwa. Koma amene anachita manyazi ndine wolemba.

Choncho musanalembe kalikonse, imbirani amalume ndi munthu amene anasunga kope la chipepeso, muwawerengere manambala mmodzimmodzi, ndipo mufunse mwachindunji ngati akunjawo anatumizapo kanthu maliro ali m'nyumba. Kenako uthengawo uyende motsatira ndalama: zinalowa zingati, zinatuluka zingati, yatsala ngongole yanji, kwa yani, ikufunika liti. Ndikupatsani wathu uja monga ndinaulembanso kachiwiri, inu muikemo manambala anu.

"Achimwene, tinakambirana Lamlungu usiku. Analipo amalume, ine, achemwali a kumudzi, alamu ndi mphwanga wa ku Lilongwe. Inu tinakusowani, tikudziwa munali kuntchito. Maliro onse anadya K1,450,000: bokosi K450,000, motchale ndi mankhwala K150,000, galimoto yonyamula thupi K280,000, chakudya K500,000, za adzukulu ndi zina zing'onozing'ono K70,000. Chipepeso chinakwana K400,000, tikaonjezapo K150,000 yanu ija, zonse K550,000. Yotsala K900,000 tinakongola: K300,000 kwa alamu, yopanda chiwongoladzanja, ndi K600,000 kubanki m'khonde ya achemwali, yofunika kubweza K720,000 pofika pa 30. Ndiye ngongole yonse ndi K1,020,000. Anayi mwa ife talonjeza K120,000 aliyense, zonse K480,000, ndipo achemwali anapereka kale matumba atatu a chimanga ndi mbuzi. Yatsala K540,000. Amalume anaganiza zopempha inu ndi anzanu akunja kuti muthandize pamenepa, koma sitinamange, tikudikira mawu anu."

Taonani malo amene pempho lakhala: kumapeto, munthu ataona kale dzenje lonse ndi maso ake. Taonaninso chimanga ndi mbuzi zija. Wakunja akangoona K120,000 ya ena pambali pa ndalama yake yaikulu, amayesa kuti akumudzi angopinda manja. Sadziwa kuti nkhokwe ya achemwali inatha pamaliropo, kuti anthu anagona panja masiku atatu akuphikira khamu. Lembani zimenezo, n'zopereka ndithu.

Ngongole ya banki m'khonde ilembeni payokha ndi tsiku lake, chifukwa ndi yokhayo imene ikukula. Alamu angadikire miyezi iwiri osadandaula kwambiri, koma gulu lija mwezi ukatha liwonjezera chiwongoladzanja china, ndipo amene azikamutsata pakhomo ndi mayi amene anasaina m'buku lawo, osati wa ku Joni. Wakunja akamvetsa zimenezi nthawi zambiri amanena yekha kuti, "Ndili ndi theka pano, tsekani kaye ya guluyo, yotsalayo ndikalandira."

Ndalama zonse zilembedwe m'makwacha, ndipo munene kuti ndi ndalama yofika m'manja. Wina akalonjeza "ma randi 2,000", pofika kuno pamakhala patachoka ya kutumizira, mtengo wosinthira wa tsikulo ndi wina, ndipo ikagwera mu Airtel Money kapena Mpamba pali ina yodulidwa potapa kwa ejenti. Kusiyanako kumaoneka kochepa mpaka tsiku lobweza, pamene mukupereweza K18,000 ndipo aliyense akulumbira kuti anapereka yonse. Amene munali ndi malonjezo apakamwa mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, mukukumbukira mmene "ndalama yomwe ija" inasandukira ndalama ziwiri zosiyana usiku umodzi. Wolandira akhale mmodzi, dzina lake lilembedwe monga lilili pachitupa chake cha unzika, osati dzina la pakhomo, kuopa kuti angakabwezedwe pokatenga. Ndalama ikafika, iyeyo alembe pagulu kuti yafika ingati.

Masiku nawo muwatchule ndi deti. "Mawa madzulo" wolembedwa usiku, wowerengedwa m'mawa munthu ataweruka, palibe amadziwa kuti ndi liti. Ku Joni nthawi ndi imodzi ndi kwathu kuno, koma ku UK amatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, miyezi yotsalayo maola awiri. Apatseni masiku awiri kapena atatu oti ayankhe, poti enawo amayamba aona kaye lendi ndi za ana awo.

Uthengawu musayambe kuuponya pagulu la anthu makumi atatu, pamene pali azilamu, adzukulu ndi ana asukulu. Utumizeni kwa aliyense payekha, ndipo patsogolo pake pakhale mawu ojambula a mphindi imodzi kapena ziwiri osakhudza ndalama n'komwe: mwambo unayenda bwanji, analalika ndani, akwaya anaimba, agona pafupi ndi yani kumanda kuja. Kumbukirani kuti anthuwa sanaone nkhope, sanaponye dothi, akulira okha m'chipinda cha lendi. Akayankha, ndi pamene mulembe pagulu mwachidule zimene aliyense wavomera.

Mawu otentha amene anatuluka pafoni, monga aja akuti "amene uja chipitire sanatumizeko ngakhale sopo", asiyeni komweko. Inu mwatumidwa kukanena zimene zamangidwa ndi zimene zatsala, osati amene anatafuna mnzake. Nkhani ya chiliza nayonso, ngati inatchulidwa, ingolembani kuti idzakambidwa padera onse alipo. Mukaiphatikiza pano, K540,000 ija idzaoneka ngati chiyambi chabe cha mndandanda wosatha.

Mng'ono wanuyo akakana nambala ya amalume n'kutchula yake yocheperapo, musamunyengerere, musamuweruzenso. Mufunseni tsiku limene angatumize, mulembe, mubwerere nazo kwa amalume. Kugawanso yotsalayo ndi ntchito yawo, ndipo foni yachiwiriyo muikonze Lamlungu masana, mutafunsiratu awiriwo kuti sabata imeneyo akugwira shifiti yanji.