Mwana akafunsa za khungu la mnzake, musamutseke pakamwa

"Mwana wanga wamkazi wa zaka 4 analoza mnzake wakuda kuposa iye n'kufunsa mokweza kuti, 'Kodi uyu sasamba?' Ndinachita manyazi, ndinamukalipira. Kunyumba sitikamba zoterezi. Wazitenga kuti, ndipo ndizimuuza chiyani?"

Mayi, maso a mwana amayamba kusiyanitsa maonekedwe a anthu iye asanadziwe ndi kuyankhula komwe. Ofufuza anapeza kuti khanda longobadwa kumene silisankha nkhope potengera mtundu wa khungu, koma likafika miyezi 3 limayang'anitsitsa nthawi yaitali nkhope zofanana ndi za anthu amene limawaona tsiku ndi tsiku. Pofika miyezi 9, limavutika kusiyanitsa nkhope za anthu a mtundu umene silinauzolowere. Uku si kudana ndi munthu ayi, n'kuzolowera chabe, chifukwa makanda oleredwa pakati pa anthu a makungu osiyanasiyana saonetsa kusankha kotere. Pa msinkhu umenewu palibe choti mufotokoze. Chofunika n'chakuti aziona nkhope zosiyanasiyana, kaya za anthu enieni, za m'mabuku a zithunzi kapena za zidole.

Wanuyo ali pa msinkhu wovutirapo, wa zaka 3 mpaka 5. Ana otere amakonda kuika zinthu m'magulu, ndipo akaona chinthu chopanda tanthauzo amadzipangira okha chifukwa chake. Iye amadziwa kuti akasewera padothi manja amada, akasamba amayera. Ndiye wangotenga nzeru yomweyo n'kuiika pa khungu la mnzake. Ambiri pa msinkhuwu sadziwanso kuti mtundu wa khungu ndi wokhalitsa. Amaganiza kuti ungachoke ndi sopo kapena kusintha munthu akamakula.

Vuto la kumukalipira n'lakuti funso lake limatsala losayankhidwa. Amaphunzira kuti nkhani ya khungu ndi yochititsa manyazi, koma maganizo akuti wakuda ndi wauve amakhalabe m'mutu, kungoti tsopano sawatulutsanso poyera pomwe mukanawakonza.

Zikachitikanso, yankhani pomwepo, mwachidule, ndi mawu odekha oti mwana wolozedwayo amve nawo: "Amasamba ngati iwe. Khungu lake ndi lakuda chifukwa anabadwa nalo, ndipo ndi lokongola." Zokwanira n'zomwezo pagulu. Mukafika kunyumba, bwererani ku nkhaniyo kwa mphindi zochepa. Muuzeni kuti m'khungu la munthu aliyense muli chinthu chotchedwa melanini, chimene chimalipatsa mtundu ndi kuliteteza ku dzuwa. Amene khungu lake limapanga melanini wambiri amakhala wakuda, wa melanini wochepa amakhala woyererapo, ndipo zimenezi timatengera kwa makolo. Kenako ikani mkono wanu pambali pa wake, muyerekezere. Tembenuzani dzanja aone kuti chikhatho n'choyererapo kusiyana ndi kuseri kwake, ngakhale mbali zonse zasambitsidwa ndi madzi amodzi. Mwana wa zaka 4 amamva msanga zimene waona ndi maso kuposa zimene wangouzidwa. Pomaliza muuzeni kuti mawu akuti "sasamba" amapweteka, ndipo akakhala ndi funso lonena za thupi la munthu azikufunsani chapansipansi.

Mvetserani bwino kusiyana kwa funso ndi chigamulo. "Bwanji ndi wakuda?" ndi chidwi. Koma akamati "sindisewera naye chifukwa ndi wakuda," kapena "ndikanakhala woyera ndikanakongola," ndiye kuti wayamba kutola zimene anthu amalemekeza. M'zaka za m'ma 1940 ku Amereka, Kenneth ndi Mamie Clark anaonetsa ana achikuda a zaka 3 mpaka 7 zidole zoyera ndi zakuda, ndipo ambiri anasankha choyera kuti ndicho chabwino. Mwana sasowa kuuzidwa mwachindunji: amamva amene akuyamikiridwa kuti ndi wokongola, amaona amene amakhala mfumukazi m'makatuni, amaonanso mafuta oyeretsa khungu ngati alipo m'nyumba. Zikatero mufunseni modekha kuti, "N'chiyani chakuganizitsa choncho?" ndipo mukonze pamene pachokera maganizowo.

Kuyambira zaka 6 mpaka 8, mwana amakhala atadziwa kuti khungu silisintha, komanso amakhudzidwa kwambiri ndi chilungamo. Apa mungamuuze mosabisa kuti pali anthu amene amasalidwa chifukwa cha khungu, kuphatikizapo anthu achialubino, amene matupi awo amapanga melanini wochepa kwambiri kapena sapanga n'komwe. Muphunzitseni chonena mnzake akamanyozedwa, monga "Usamutchule choncho, dzina ali nalo." Akamafika zaka 10, ana ambiri amayamba kupewa dala kutchula za khungu pamaso pa akuluakulu, choncho kukhala chete kwake musakuyese umboni woti zonse zili bwino. Muziyambitsa ndinu nkhaniyo, pomufunsa zimene anzake amanena kusukulu ndi mayina amene amaitanirana.