Momenti muiwerengere pamene pali mphamvu yomwe simukuidziwa

"Akuluakulu thandizeni, ndili Fomu 4 kuno ku Ngabu. Funso la fizikisi likuti thabwa lalitali mamita 4, lolemera 200 N, lagona pa zipilala ziwiri za njerwa. Chipilala A chili kunsonga yakumanzere, B chili mamita 3 kuchokera pa A. Thumba la mapira la 500 N laikidwa mita imodzi kuchokera pa A. Akufuna mphamvu imene chipilala chilichonse chikukankhira thabwalo m'mwamba. Ine pivoti ndaika pakati pa thabwa, koma ikweshoni ikutuluka ndi zosadziwika ziwiri. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, simunalakwitse, mwangodzera njira yaitali. Chinthu chikakhala chete osagwa, osazungulira, mamomenti ake amafanana mbali zonse ziwiri pa malo alionse amene mungasankhe kuwerengerapo: pakati, kunsonga, ngakhale pambali pa thabwalo pamene palibe kanthu. Pivoti wa pa funso ngati ili si msomali weniweni umene thabwa likuzungulirapo ayi. Ndi kadontho komwe mumadziikira nokha papepala. Ndiye poti kusankha n'kwanu, kaikeni pamene pakuchepetsereni ntchito.

Momenti ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda wake kuchokera pa pivoti. Mtunda ukakhala 0, momenti ndi 0, mphamvuyo ikule chotani. N'chifukwa chake chitseko sichitseguka mukamachikankha pa mahinjesi penipeni. Choncho mukaika pivoti pa chipilala chimodzi, mphamvu ya chipilalacho siilowanso mu ikweshoni, ndipo mumatsala ndi chosadziwika chimodzi chokha.

Tiyeni tiike pivoti pa A. Mphamvu za zipilala tizitche RA ndi RB. Mitunda yonse muiyeze kuchokera pa A, ndipo muilembe pachithunzi musanachulukitse chilichonse. Thumba lili mita imodzi. Kulemera kwa thabwa timakuika pakati pake, malinga ngati funso lanena kuti thabwalo n'lofanana ponseponse, choncho kuli mamita 2. Chipilala B chili mamita 3. Thumba ndi thabwa zikukokera pansi kumanja kwa A, motero zikufuna kuzunguliza thabwa mmene mivi ya wotchi imayendera. RB ikukankhira m'mwamba, ikulimbana nazo.

```
RB × 3 = (500 × 1) + (200 × 2)
RB × 3 = 900
RB = 300 N
```

RA simufunikanso momenti kuti muipeze. Zokankhira m'mwamba zimafanana ndi zokokera pansi, ndipo zokokera pansi ndi 500 kuphatikiza 200, zomwe ndi 700 N. Mukachotsapo 300 mutsala ndi 400 N.

Koma ngati nthawi ilipo m'mayeso, ine ndingakulangizeni kuti RA muipeze paokha posamutsira pivoti pa B. Chifukwa chake n'chakuti mukalakwitsa RB, kuchotsera pa 700 kuja kumangonyamula cholakwikacho kupita nacho pa RA, ndipo simungadziwe. Pa B mitunda yonse imasintha. Thumba tsopano lili mamita 2, pakati pa thabwa pali mita imodzi, A ali mamita 3.

```
RA × 3 = (500 × 2) + (200 × 1)
RA = 400 N
```

Tsopano 400 ndi 300 zikukwana 700, ndipo apa ndiye mwatsimikizadi, poti mayankho awiriwa sanadalirane. Onaninso ngati yankho likugwirizana ndi chithunzi: thumba lolemeralo lili pafupi ndi A, ndiye A kunyamula zambiri n'zomveka. Mukapeza chipilala chili ndi mphamvu yoposa 700 N pa funso ili, kapena mayankho awiriwa sakukwana 700, bwererani. Kawirikawiri zimakhala kuti mtunda umodzi mwauyeza kuchokera kunsonga ya thabwa pomwe pivoti ali kwina, kapena mwagawa ndi 4, kutalika kwa thabwa, m'malo mwa 3, mpata wa pakati pa zipilala. Ndipo funso likakupatsani thumba mu makilogalamu, monga 50 kg ya matumba athu a kumsikawa, muyambe mwachulukitsa ndi 10 kuti likhale mu N.

Ikweshoni yanu ya pakati ija, ngati munailemba bwino, ndi RA × 2 = (500 × 1) + (RB × 1). Ikanimo 400 ndi 300, muona 800 mbali zonse. Vuto lake n'lakuti inachotsa 200 N ya thabwa, nambala yomwe munali nayo kale m'manja, n'kukusiyirani zonse ziwiri zomwe mukuzifuna. Imatheka ndithu mukaiphatikiza ndi RA + RB = 700, koma ndi mizere yambiri ya alijebura yopanda malikisi oonjezera.

Funso lotere limakonda kukhala ndi gawo lachiwiri: thumba lachotsedwa, munthu wa 600 N akuyenda pathabwa kupitirira B, adzafika pati thabwa lisanapendekeke? Apa pivoti ndi B basi. RB simukuidziwa ndipo simukuifuna, ndiye ichoke. RA nayo ndi 0, koma pa chifukwa china: pa nthawi imene thabwa likuyamba kupendekeka, limakhala litatsala pang'ono kunyamuka pa A, ndipo chipilala sichingakankhe chinthu chimene sichikuchipsinja. Mtunda wa munthuyo kuchokera pa B tiutche d. Zotsala ndi 600 × d = 200 × 1, ndipo d ndi 0.33 m. Thumba likanakhalapo, d ikanatuluka mamita 2, pomwe thabwa lapitirira B ndi mita imodzi yokha, kutanthauza kuti munthuyo akhoza kufika kunsonga thabwa osanyamuka.

Phindu lalikulu la njirayi limaoneka pamene mphamvu ziwiri zosadziwika zakumana malo amodzi. Tengani makwerero a mamita 5, olemera 200 N, otsamira khoma losalala, phazi lake lili mamita 3 kuchokera kukhoma, mutu wafika mamita 4 m'mwamba. Zosadziwika n'zitatu: khoma likukankha mutu, nthaka ikukankhira phazi m'mwamba, ndipo kukhuza kwa nthaka kukuletsa phazilo kutsetsereka. Ziwiri mwa zitatuzo zili paphazi. Ikani pivoti pamenepo, zonse ziwiri zichoka nthawi imodzi.

Chimene chimagwetsa ambiri apa ndi mtunda. Suyezedwa motsata makwerero ayi. Ndi mtunda waufupi kwambiri kuchokera pa pivoti kufika pa mzere umene mphamvu ikulowera, wokumana ndi mzerewo pa madigiri 90. Khoma likukankha chopingasa, ndiye mtunda wake ndi msinkhu, mamita 4. Kulemera kukulunjika pansi kuchokera pakati pa makwerero, ndiye mtunda wake ndi wopingasa, theka la 3, lomwe ndi 1.5 m. Choncho, mphamvu ya khoma tikaitcha F, F × 4 = 200 × 1.5, ndipo F ndi 75 N. Wogwiritsa ntchito 5 ndi 2.5 amapeza 100 N, yankho looneka bwino koma lolakwika. Kukhuza kwa paphazi nako ndi 75 N, chifukwa mphamvu zopingasa n'ziwiri zokhazo.

Mfundo ya mzereyi ikutanthauzanso kuti mphamvu siichita kufunika kukhala pa pivoti penipeni kuti ichoke. Bola mzere wake, mukautalikitsa ndi lula, udutse pa pivotiyo. Pa makwerero omwewa, jambulani mzere woima kuchokera paphazi ndi wopingasa kuchokera pamutu. Pamene ikumana, m'malere, mamita 4 pamwamba pa phazi, ikani pivoti. Khoma ndi kukankha kwa nthaka zonse zichoka, ndipo mutsala ndi kukhuza kokha, 4 kuchulukitsa nako kufanana ndi 200 × 1.5.