Manambala a zithunzi akasokonekera m'lipoti lalitali

"Lipoti langa ndi la masamba 80, ndikulemba pa Word. Ndaonjezera chithunzi chimodzi m'chaputala 3, manambala a zithunzi zotsatira asokonekera onse, timitu natonso sitikufanana. Ndichite bwanji?"

Achemwali, ndikuganiza kuti manambalawo munawalemba pamanja. Kwa Word, "3.2" wolembedwa pamanja ndi zilembo wamba, sangamuwerengere. Mankhwala ake alipo, koma musayambire pa zithunzi ngakhale kuti ndi pamene pakukupwetekani. Yambirani pa mitu, chifukwa nambala ya chithunzi imatsamira pa nambala ya chaputala.

Ikani kasa pa mutu wa chaputala, dinani Ctrl+Alt+1 kuti ukhale Heading 1. Timitu ta m'kati tipatseni Heading 2 ndi Ctrl+Alt+2. Maonekedwe ake akapanda kukusangalatsani, musakonze kamutu kamodzikamodzi. Pa Home, dinani Heading 2 ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Modify, musinthe pamenepo, ndipo tonse tisintha limodzi. Kuti muone ngati pali kamene mwakadumpha, tsegulani View, Navigation Pane. Kamutu kosaoneka pamndandandawo ndiye kuti kangodetsedwa zilembo basi.

Mukatero fufutani manambala akale a pa mitu, apo ayi aoneka kawiri. Kenako pa Home, Multilevel List, sankhani mndandanda umene ukuonetsa mawu oti Heading 1 ndi Heading 2 pambali pa manambala. Enawo amaoneka ofanana nawo koma sanalumikizidwe ku mitu.

Tsopano zithunzi. Pa References, Insert Caption, sankhani Figure (ngati lipotilo ndi la Chichewa, New Label ikulolani kulemba "Chithunzi"), kenako pa Numbering chongani Include chapter number. Mukaona "Figure 0-1", dziwani kuti Heading 1 wanu alibe nambala ya Multilevel List, bwererani mukakonze.

Tiyerekeze kuti chaputala 3 chili ndi zithunzi zisanu, ndipo mwalowetsa china pakati pa 3-2 ndi 3-3. Chatsopanocho chikhala 3-3, chakale chija chisunthira ku 3-4. Koma chiganizo cha pa tsamba 41 choti "onani Figure 3-3" chidzaloza polakwika ngati munachilemba pamanja. Apa ndi pamene ambiri amagwa, ine ndemwe ndinatumizapo lipoti lotero kwa abwana. Gwiritsani ntchito References, Cross-reference, musankhe Only label and number. Musanasindikize dinani Ctrl+A kenako F9 kuti zonse ziwerengedwenso. Pakatuluka "Error! Reference source not found." ndiye kuti munafufuta mawu a pansi pa chithunzi amene chiganizocho chinkaloza.

Chenjerani ndi zithunzi zoyandama pamwamba pa zolemba. Mawu a pansi pa chithunzi chotere Word amawaika m'kabokosi, ndipo Ctrl+A sawafikira, choncho nambala yake imatha kutsalira. Ine chithunzi chilichonse ndimachiika pa In Line with Text ndisanachipatse nambala.