Tchati yopanda potumizira chithunzi inandidyera kontirola

"Abale, tchati ya kampani imene ndinagulako zipangizo za sola ilibe potumizira chithunzi. Akuti ndingofotokoza m'mawu mmene kontirola ikuonekera. Chithunzi ndili nacho mufoni, koma ndiyambire pati?"

Achimwene, musalole kuti munthu wa pa tchatiyo akuuzeni waya woti mugwire asanabwereze yekha zimene mwamufotokozera. Ndikunena izi mtima ukuwawa, chifukwa anthu amenewa anandiphera kontirola yatsopano kenako n'kundiuza kuti wolakwa ndine.

Kwa ine zinali zovutirapo chifukwa solayo inali kwa mayi, ine ndili kutali. Mlongo wanga anajambula kontirola n'kunditumizira, ine n'kulowa pa tchati ya kampani chithunzi chili m'manja. Palibe kachizindikiro kotumizira fayilo, ndipo ukayesa kumata chithunzi palibe chimene chimalowa. Ndinalemba bwinobwino kuti pali mawaya 6 pansi pa kontirola, awiri apakati ndi wofiira ndi wakuda, ndipo pamene wofiirayo walowa pulasitiki yada ndi kutupa. Mkulu wa tsidya linalo sanafunse kanthu ngakhale kamodzi. Anangolemba kuti timasule mawaya awiriwo, tidule mbali yopsayo, tibwezeretse. Inali nthawi ya masana, dzuwa lili pamutu. Ndinamuimbira mlongo wanga, ndili pa foni iye akumasula, ndiye ndinangomva akuti "sikirini yayamba kuthwanima," kenako "yazima," kenako "kukununkha." Mayi kumbuyo akufunsa ngati magetsi ayaka madzulo. Tinabwezeretsa mawaya, kontirola zii.

Aliyense amene amagulitsa zinthu zimenezi amadziwa kuti pa makontirola ang'onoang'ono ambiri mabowo awiri akumanzere ndi a panelo, apakati ndi a batire, akumanja ndi a mababu. Amadziwanso kuti polumikiza umayamba batire, pochotsa umayamba panelo, chifukwa kontirola ikatsala ndi panelo yokha dzuwa likuwala imatha kuwonongeka. Panelo imene timati ya 12V ikakhala yopanda katundu imafika mavoliti 21 kapena 22. Munthu wolipidwa kuti athandize makasitomala akuwerenga mawu oti "apakati" n'kulephera kufunsa kuti kodi ndi a batire? Nditabwerera kukadandaula ndinapeza munthu wina, chifukwa tchati yoyamba inali itadzitseka yokha, ndipo uyu anandiyankha mozizira kuti m'zolemba zanga mulibe mawu oti batire, ndiye kampani siingasinthe katundu. Anawonjezeranso kuti ndikanatumiza chithunzi. Pa tchati yawo yomweyo yopanda potumizira chithunzi! Mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kuponya foni.

Ndiye inu chitani chonchi. Chiganizo choyamba chinene kuti chithunzicho ndi cha chiyani ndipo wojambula anaima pati. Anthu amadumpha pamenepa, koma kumanzere ndi kumanja zilibe tanthauzo ngati winayo sakudziwa mbali imene mukuyang'anira. Chinthu chojambulidwa kumbuyo chimasinthanitsa mbali. Wojambula akawerama kuchokera pamwamba, chinthu chimatuluka chozondoka. Kamera yakutsogolo ya foni zambiri imasunga chithunzi ngati cha pagalasi, ndipo mumadziwira pa zilembo: zikaoneka zotembenuka, kumanzere kwanu ndi kumanja kwenikweni. Zungulizani chithunzi mpaka zilembo za pa chinthucho ziwerengeke bwino, ndiye munene kuti mukufotokoza zilembo zili choongoka.

Kenako chinthu chilichonse muchitchule ndi chizindikiro kapena mawu amene alembedwa pambali pake, malo ndi mtundu zibwere pambuyo. Mtundu wa waya susonyeza kanthu kodalirika, chifukwa amene analumikiza anagwiritsa ntchito waya umene anali nawo, ndipo ndaonapo wofiira ali pa mayinasi. Komanso fulashi ya foni kapena babu lachikasu zimasintha mitundu pa chithunzi, wabulawuni n'kuoneka wofiira, wabuluu wakuda n'kuoneka wakuda. Pomwe kachithunzi ka batire kojambulidwa pamwamba pa bowo sikanama. Kulitsani chithunzicho ndi zala mpaka muone + ndi − pa bowo lililonse, ndipo muwerenge mabowo kuyambira mbali imodzi, 1 mpaka 6, kuti winayo akati "bowo lachitatu" nonse mukhale pamalo amodzi.

Zolembedwa zonse zikopereni ndendende, musazimasulire ndipo musazifupikitse. Ngati sikirini ikuonetsa 11.2V lembani 11.2V, osati "batire ili pa leveni." Kusiyana kwa kadontho n'kwakukulu: batire ya 12V ya asidi yodzaza bwino ikapuma imakhala cha pa 12.6 kapena 12.7, ndipo ikafika cha pa 11 ndiye kuti yatheratu. Timasikirini ta manambala a timizere timasokoneza, 5 amafanana ndi S, 8 ndi B, 0 ndi O. Pamene simukutsimikiza nenani kuti chilembo chachiwiri chikhoza kukhala 8 kapena B, musasankhe nokha. Nambala ya vuto ngati ilipo, muilembe pamodzi ndi dzina la mtundu wa kontirola limene lili pa sitika, chifukwa E1 wa kampani ina si E1 wa kampani inzake. Sitika ikakhala ndi mawu ambiri, Google Lens imatha kukopera mawu a pa chithunzi, pa iPhone pali Live Text, koma muwerengenso mukamata, zimalakwitsa pa zilembo zomwe zija.

Pamene pamapweteketsa anthu ambiri ndi kusakaniza zimene maso akuona ndi zimene mutu ukuganiza. Mukalemba kuti "waya wapsa chifukwa cha shoti," mwamupatsa kale yankho munthu waulesi, ndipo adzangoyenda nalo. Lembani zooneka: pulasitiki yozungulira bowo yada, yatupa pang'ono, timawaya ta kopa tikuoneka panja. Wodziwa ntchito akawerenga zimenezo aganiza msanga za waya wosamangidwa bwino umene umatentha pamene wakhudza, ndipo imeneyo ndi nkhani ina, si shoti. Maganizo anu muwaike pa mzere wawo, muyambe ndi "ine ndikuganiza kuti." Ndipo zimene chithunzi sichikuonetsa muzinene poyera. Chithunzi sichiyenda, ndiye kagetsi kofiira simungadziwe ngati kakuyaka kosalekeza kapena kakuthwanima, pomwe pa zipangizo zambiri zimenezi ndi mauthenga awiri osiyana. Sichionetsanso kumene waya wapita akatuluka m'mphepete, kukula kwa chinthu ngati palibe china chodziwika pambali pake, fungo, kapena kutentha. Zimenezo funsani amene ali pafupi ndi chinthucho, ndipo polemba musiyanitse kuti izi zachokera pa chithunzi, izi wandiuza munthu.

Chithunzi cha mlongo wanga chija, kuchilemba mokwanira chimatuluka motere:

"Ndikufotokoza chithunzi cha kontirola ya sola yopachikidwa pakhoma, yojambulidwa kutsogolo, zilembo zili choongoka. Pa sitika palembedwa 12V/24V 20A. Sikirini ikuonetsa 11.2V. Pansi pali mabowo 6, ndikuwerenga kuyambira kumanzere. Bowo 1 ndi 2 ali pansi pa kachithunzi ka panelo, onse ali ndi mawaya. Bowo 3 ndi 4 ali pansi pa kachithunzi ka batire, 3 ndi +, 4 ndi −. Bowo 5 ndi 6 ali pansi pa kachithunzi ka babu, nawonso ali ndi mawaya. Pa bowo 3, la batire +, pulasitiki yada ndi kutupa, ndipo timawaya ta kopa tingapo tili panja. Mabowo enawo ndi oyera. Batire ndi panelo sizikuoneka pa chithunzi, sindikuonanso ngati pali fyuzi. Chithunzi chajambulidwa masana ano ndipo panelo ikadali yolumikizidwa. Funso langa: tichotse mawaya ati poyamba? Musanayankhe, ndiuzeni kuti bowo lopsalo ndi la chiyani malinga ndi mmene mwamvera."

Chiganizo chomalizacho chili ngati kumuuza mwana amene mukumutuma kuti abwereze zimene mwanena asanatuluke pakhomo. Akabwereza molakwika mwagwira vuto waya usanakhudzidwe. Akakana kubwereza n'kuthamangira kukuuzani zochita, dziwani kuti sakuwerenga.

Zonsezi muzilembe kaye pa pulogalamu yolembera manotsi, kenako mumate kamodzi. Ma tchati ambiri amatumiza uthenga mukangodina Enter, ndiye mumapezeka mwatumiza theka, winayo wayankha kale theka limenelo inu mukulemba lotsala. Pa kompyuta Shift ndi Enter pamodzi nthawi zambiri zimakutsitsirani mzere osatumiza. Komanso tchati ikadzitseka muli ndi zolemba zanu, simuyambiranso. Musavutike kumata dzina la fayilo ngati IMG_2041.jpg, limenelo ndi dzina chabe, chithunzi chatsala mufoni mwanu. Ndipo ngati amene akukuyankhani si munthu koma ndi pulogalamu yoyankha yokha imene imangowerenga mawu, samalani kuposa apa, chifukwa chilichonse chimene mwasiya imatha kudzaza ndi zongoganizira n'kuyankha molimba mtima ngati yaona.

Koma ndikuuzeni zoona, achimwene, musalembenso zambiri. Anthu a pa tchati amenewa amayankha makasitomala angapo nthawi imodzi, ndipo ndime yaitali amangoona mzere woyamba ndi womaliza. Musanayambe kufotokoza chithunzi, ikani vuto lenileni pamwamba, "bowo la batire + lapsa," zinazo zitsatire. Ine ndinalemba zomveka kwa aliyense wodziwa kontirola, ndipo sindikhulupirira kuti mkulu uja akanawerenga ngakhale ndikanamulembera mabowo onse ndi manambala ake. Ndiye fotokozani monga ndanenera, jambulani sikirini ya macheza onse tchati isanatseke kuti mukhale ndi umboni, koma muwakakamize akupatseni imelo kapena nambala yotumizira chithunzi chenichenicho, ndipo waya musaukhudze mpaka atachiona. Ngati kontirola yanu yayamba kununkha musadikire aliyense wa iwo: phimbani panelo ndi nsalu yochindikala kapena katoni, chotsani mawaya a panelo, kenako a batire, ndiye mukakangane nawo pa tchati zonse zitazima.